Nyanja yotuluka m'fumbi: mmene kompyuta imajambulira malo a kumbuyo kwa chithunzi

Aliyense amene anajambulitsapo chithunzi mu situdiyo za m'tauni akuchikumbukira chinsalu chija chimene wojambula ankakoloweka kukhoma. Pa chinsalucho pamakhala mathithi, mitengo ya kanjedza kapena nyumba yosanja, ndipo munthu akaima patsogolo pake amaoneka ngati ali kutali ndi kwawo. Mafilimu a katuni ndi masewera a pa kompyuta nawonso ali ndi chinsalu chawo: malo a kumbuyo, kumene kuli thambo, mapiri, misewu ndi nyumba, pamene anthu a m'nkhani akuyenda patsogolo. Kujambula malo amenewa ndi ntchito ya amisiri akeake, ndipo imadya nthawi.

Mu Januwale 2023 kampani ya Netflix ku Japan inatulutsa kafilimu ka katuni ka mphindi pafupifupi zitatu, kotchedwa The Dog & The Boy, kamene kanapangidwa pamodzi ndi Wit Studio. Mnyamata ndi galu wake anajambulidwa ndi anthu, koma malo a kumbuyo anapangidwa mothandizidwa ndi pulogalamu yopanga zithunzi. Munthu ankayamba wajambula pamanja mmene malowo akhalire, kompyuta n'kudzaza mitundu ndi maonekedwe, kenako munthu n'kubweranso kudzakonza. Kampaniyo inati ikuyesa njira yothandizira pa vuto la kuchepa kwa antchito, ndipo amisiri ambiri anakwiya nazo, poona kuti ntchito yawo ndiyo ikulandidwa. Mkanganowo sunathe mpaka lero. Koma munthu asanasankhe mbali, ndi bwino ayambe wadziwa chimene makinawa amachita, chifukwa n'chosiyana kwambiri ndi zimene ambiri amaganiza.

Mapulogalamu ambiri otchuka opanga zithunzi, monga Stable Diffusion, amagwiritsa ntchito njira yotchedwa difyuzhoni. Sayamba ndi pepala loyera, ndipo salemba mzere ngakhale umodzi. Amayamba ndi chithunzi chodzaza ndi timadontho tosokonekera, tofanana ndi tija tinkathwanima pa wailesi ya kanema yakale mlongoti ukapotoka. Akatswiri amatcha timadonthoti phokoso, ngakhale kuti palibe chomveka m'makutu. M'nkhani ino tizingoti fumbi, chifukwa ndi mmene timaonekera m'maso.

Dzina loti difyuzhoni linachokera ku sayansi ya fizikisi, ndipo limanena za kumwazikana kwa zinthu. Mukadontheza inki m'kapu ya madzi, poyamba dontholo limaoneka bwinobwino, kenako limatambasuka pang'onopang'ono mpaka madzi onse asanduka mtundu umodzi. Mu 2015 Jascha Sohl-Dickstein ndi anzake ku yunivesite ya Stanford anafunsa funso looneka ngati lopanda mutu: kodi kompyuta ingaphunzitsidwe kubweza kumwazikana kotere, kuti inki ibwerere pa dontho lake? Kubweza zonse kamodzi n'kosatheka. Koma ngati kumwazikanako kwagawidwa m'timasitepe ting'onoting'ono tambirimbiri, kubweza kasitepe kamodzi ndi ntchito yoti makina angathe kuiphunzira. Ganizoli linakhala zaka zisanu lisanatchuke, mpaka mu 2020 pamene Jonathan Ho, Ajay Jain ndi Pieter Abbeel a ku Berkeley anaonetsa kuti likhoza kutulutsa zithunzi zooneka bwino. Iwo anagawa ulendo wochoka pa chithunzi kukafika pa fumbi lokhalokha m'masitepe 1,000.

Maphunziro ake amayenda motere. Amatenga chithunzi chenicheni, tinene cha gombe la nyanja, n'kusankha mwachisawawa sitepe imodzi pakati pa 1 ndi 1,000. Akasankha sitepe 50, amathira fumbi lochepa ndipo gombelo limaonekabe, kungoti lachita mbuu. Akasankha sitepe 900, fumbi limachuluka moti munthu sangadziwe kuti panali nyanja. Chithunzi chodetsedwachi amachipereka kwa makina pamodzi ndi nambala ya sitepeyo, ndipo funso limakhala limodzi lokha: fumbi limene lathiridwa apa ndi liti? Makinawo amayerekeza, yankho lawo limafananizidwa ndi fumbi lenileni limene ophunzitsa akulidziwa popeza alithira okha, ndipo manambala a mkati mwa makinawo amasunthidwa pang'ono kuti ulendo wina asaphonye kwambiri. Izi zimabwerezedwa pa zithunzi mamiliyoni ambirimbiri.

Kwa kompyuta, kadontho kalikonse ka chithunzi ndi nambala, choncho kuthira fumbi ndi masamu wamba. Tinene kuti kadontho kena ka thambo lowala kali ndi nambala 0.8. Pa sitepe ina ya pakati, lamulo lingakhale loti nambala ya chithunzi ichulukitsidwe ndi 0.8, ya fumbi ichulukitsidwe ndi 0.6, kenako ziphatikizidwe. Ngati fumbi logwera pa kadonthoko ndi -0.5, zotsatira zake ndi 0.64 kuchotsapo 0.3, zomwe ndi 0.34. Makina amangoona 0.34 yekhayo. Kuchokera pa kadontho kamodzi sangadziwe ngati ndi thambo lowala limene lathiridwa fumbi lakuda, kapena ndi phiri lakuda limene lathiridwa fumbi lowala. Amayenera kuyang'ana timadontho toyandikana nato, ndi ta kutali komwe. Apa ndi pamene pagona chinsinsi chonse. Kuti makina athe kusiyanitsa fumbi ndi chithunzi, amakakamizika kuphunzira mmene dziko limaonekera: kuti thambo limakhala kumwamba, kuti madzi amabweza kuwala kwa dzuwa, kuti phiri lakutali limaoneka lotuwa kuposa lapafupi. Palibe amene anawalembera malamulo amenewa. Anawatola okha pofuna kuti aziphonya pang'ono.

Gawo limene limagwira ntchito yoyerekezayi mu Stable Diffusion yoyambirira limatchedwa U-Net. Chodabwitsa n'chakuti linapangidwa mu 2015 ku yunivesite ya Freiburg ku Germany pofuna kuthandiza kuzindikira maselo pa zithunzi za zachipatala. Limachepetsa chithunzi kangapo kuti lione mmene chonse chakhalira, kenako n'kuchikuzanso kuti lione tinthu ting'onoting'ono, ndipo luso loona zapatali ndi zapafupi pamodzili ndi limene linafunikanso pochotsa fumbi.

Maphunziro akatha, masewera amatembenuka. Tsopano makina amapatsidwa fumbi lokhalokha, limene pansi pake palibe chithunzi chilichonse. Iwo sadziwa zimenezo. Amachita zimene anazolowera: amayerekeza kuti fumbi ndi liti, gawo lina la fumbilo limachotsedwa, ndipo chotsalacho chimabwezedwa kwa iwo kuti ayerekezenso. Mwa timadontho tosokonekerato, mwangozi chabe, pamakhala malo ena owala pang'ono ndi ena akuda pang'ono. Makina amagwira pamenepo, n'kuyamba kuona malo owalawo ngati thambo ndi akudawo ngati mtunda. Akachotsa fumbi motsatira maganizo amenewo, sitepe yotsatira imapeza thambo ndi mtunda zayamba kale kuonekera, ndipo imangopitiriza.

Anthu a ku Mulanje ndi Thyolo amadziwa mmene phiri limabwerera chiperoni ikamatha. Poyamba pamaoneka chimthunzi chachikulu chabe, kenako mapewa a phiri, kenako nkhalango ndi minda ya tiyi, ndipo masamba a mtengo wapafupi ndiwo amamaliza kuonekera bwino. Chithunzi cha difyuzhoni chimabadwa m'dongosolo lomwelo, zazikulu poyamba, zazing'ono pomaliza. Kusiyana kwake n'kwakuti phiri la Mulanje limakhala lilipo kale kuseri kwa nkhungu, pamene kuseri kwa fumbi la kompyuta kulibe kanthu. Phirilo limapangika pamene fumbi likuchotsedwa.

Tiyeni titsate chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Wopanga katuni akufuna gombe la nyanja m'mamawa, lopanda anthu, kuti adzaikepo msodzi amene wamujambula yekha. Watsegula Stable Diffusion 1.5, ndipo walemba zimene akufuna m'Chingerezi, popeza makinawa anaphunzira kwambiri pa zithunzi zokhala ndi mawu a Chingerezi ndipo Chichewa sachimva bwino:

```
empty lake shore at sunrise, wooden canoe on the sand, distant hills, watercolor
Steps: 30, CFG scale: 7, Seed: 1234, Size: 512x512
```

Mzere woyamba ukupempha gombe lopanda anthu dzuwa likutuluka, bwato pamchenga, mapiri akutali, ndi maonekedwe a penti wamadzi. Mzere wachiwiri uli ndi manambala amene amalamulira ntchito yonse.

Choyamba kuchitika ndi kupangidwa kwa fumbi, ndipo nambala ya `Seed` ndiyo imasankha fumbi lake. Munthu akabwereza nambala yomweyo, mawu omwewo ndi zina zonse osasintha, pa pulogalamu ndi kompyuta yomweyo, amalandira chithunzi chomwecho. Akasintha 1234 kukhala 1235, mawu ali omwewo, gombe limatuluka lina: bwato lija likhoza kuchoka kumanzere kupita kumanja, mapiri n'kutalika kapena kufupika. N'chifukwa chake odziwa ntchito amayamba apanga zithunzi zingapo ndi manambala osiyanasiyana, n'kusunga nambala ya chimene chawasangalatsa.

Fumbi limeneli silikhala pa chithunzi chachikulu. Chithunzi cha timadontho 512 m'litali ndi 512 m'lifupi, kadontho kalikonse kokhala ndi manambala atatu a mitundu yofiira, yobiriwira ndi yabuluu, chimakhala ndi manambala 786,432. Kuyeretsa manambala onsewa kambirimbiri kumafuna makompyuta odula zedi. Gulu la Björn Ommer ku yunivesite ya ku Munich, pamodzi ndi Robin Rombach, linapeza njira yachidule: ntchito yonse ichitikire pa chithunzi chofinyidwa, cha timabokosi 64 m'litali ndi 64 m'lifupi, kabokosi kalikonse kokhala ndi manambala anayi. Onse pamodzi ndi manambala 16,384, kuchepa ka 48. Gawo lina lapadera ndilo limadzatambasula chofinyidwacho kukhala chithunzi chenicheni pamapeto. Njira imeneyi ndiyo inachititsa kuti Stable Diffusion, itatulutsidwa mu Ogasiti 2022, izitha kuyenda pa kompyuta ya munthu wamba yokhala ndi khadi labwino la zithunzi.

Masitepe 1,000 aja sayendedwa onse. Akatswiri anapeza njira zodumphira, moti masitepe 20 mpaka 50 amakwanira, ndipo wopanga katuni wathu wasankha 30. Mapulogalamu ambiri amalola munthu kuonerera chithunzi chikupangika. M'masitepe oyambirira pamangooneka zigamba za mitundu zosaoneka bwino, kufiira kumwamba, kutuwa pakati, kachinthu kakuda pansi. Zikuoneka ngati palibe chachitika, komatu apa ndi pamene nkhani yaikulu ikugamulidwa: pamene nyanja ikumane ndi thambo, mbali imene dzuwa litulukire, ndi malo a bwato. Masitepe a pakati amaumba zinthuzo, kachinthu kakuda kaja n'kukhala ndi mutu ndi mchira wa bwato. Omaliza sasunthanso phiri kapena nyanja. Amangoika timizere ta mafunde, mchenga ndi maonekedwe a penti.

Mfundo imeneyi ili ndi phindu lenileni kwa wogwiritsa ntchito. Ngati bwato lakhala pamalo olakwika, kuwonjezera masitepe kuchoka pa 30 kufika pa 100 sikungalisunthe kwenikweni, chifukwa malo ake anasankhidwa kumayambiriro. Ambiri oyamba kumene amataya nthawi ndi magetsi pochita zimenezi. Chofunika ndi kusintha `Seed`, kusintha mawu, kapena kupereka chojambula choyambira.

Nanga mawu aja amalowa bwanji? Pali gawo lotchedwa CLIP, limene linapangidwa ndi kampani ya OpenAI, ndipo limasandutsa mawu kukhala manambala. Limalandira tizidutswa ta mawu tosapitirira 77 pa nthawi imodzi. Manambalawa amaperekedwa kwa U-Net pa sitepe iliyonse, kuti poyerekeza fumbi izikumbukira kuti pansi pake pakuyenera kukhala gombe osati msika. Ndipotu pa sitepe iliyonse makina amayerekeza kawiri, kamodzi akumvera mawu, kenanso ngati sanauzidwe chilichonse. Kusiyana kwa mayankho awiriwa ndiko kumaonetsa kumene mawu akukokera, ndipo nambala ya `CFG scale` imanena kuti kukokako kuchulukitsidwe kangati. Ngati yankho lopanda mawu pa malo ena ndi 0.20 ndipo la mawu ndi 0.30, kusiyana ndi 0.10, pa 7, kusiyanako kumakhala 0.70, ndipo yankho logwiritsidwa ntchito ndi 0.90. Nambalayi ikatsika kufika pa 2, chithunzi chimafooka ndipo bwato likhoza kusowa. Ikakwera kufika pa 20, mitundu imapsa: thambo limafiira mopitirira, m'mphepete mwa zinthu mumachita mizere yolimba, chithunzi n'kuoneka ngati nsima yopserera pansi pa mphika. Munthu akaona zimenezi adziwe kuti vuto si mawu ake, koma nambalayi.

Malo a kumbuyo ndi ntchito imene makinawa amaigwira bwino kuposa zambiri, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Mtambo ulibe mawonekedwe amodzi okha olondola. Phiri likatalika pang'ono, kapena mtengo ukakhala ndi nthambi zisanu ndi ziwiri m'malo mwa zisanu, palibe amene angadandaule. Dzanja la munthu n'losiyana: zala zikakhala zisanu ndi chimodzi, ngakhale mwana amaona. Makina amene amaumba zinthu potsatira zimene zimakonda kuoneka pamodzi amamasuka pa udzu, madzi ndi mitambo, koma amapunthwa pa chilichonse chofuna kuwerenga kapena kuyeza.

Choncho malo a kumbuyo nawonso amagwidwa pamene pali zomangidwa ndi anthu. Pa chithunzi cha msewu wa m'tauni, yang'anani mawindo a nyumba yosanja, muone ngati ali pa mzere umodzi ndiponso ngati akuchepa mofanana akamapita kutali. Tsatirani waya wa magetsi ndi diso, nthawi zambiri amathera m'malere. Mpanda ukadutsa kuseri kwa mtengo, umatha kutulukira mbali inayo uli pamwamba kapena pansi kuposa pamene unalowera. Zikwangwani za masitolo mu Stable Diffusion 1.5 zimakhala ndi zilembo zooneka ngati mawu koma zosawerengeka. Pa gombe lathu lija, poyenera kuyang'anitsitsa ndi pa mithunzi ndi pa madzi: dzuwa likutuluka kumanja, mthunzi wa bwato uyenera kugwera kumanzere, ndipo chithunzithunzi cha phiri m'madzi chiyenera kufanana ndi phirilo. Makina sawerengera kumene kuwala kukuchokera monga amachitira mmisiri. Amangodziwa kuti pafupi ndi bwato pamakonda kukhala mthunzi.

Pali zolakwika zina ziwiri zimene zimachokera m'maphunziro enieniwo. Stable Diffusion 1.5 inazolowera zithunzi za 512 mbali zonse, ndiye munthu akapempha chithunzi chotambalala kwambiri, monga mmene malo a kumbuyo a filimu amafunira, makina amatha kubwereza zinthu: mabwato awiri ofanana, kapena phiri lomwelo kawiri. SDXL, imene inatuluka mu Julaye 2023, inaphunzitsidwa pa zithunzi zokulirapo, za 1024, ndi za misinkhu yosiyanasiyana, ndipo vutoli linachepa. Cholakwika chachiwiri chimaoneka munthu akapempha usiku wa mdima wandiweyani. Pa maphunziro, ngakhale pa sitepe yomaliza fumbi silinkafafaniziratu chithunzi. Kuwala kwake kwa chithunzi chonse kunkatsalirabe pang'ono, ndipo makina anazolowera kudalira zimenezo. Fumbi lenileni loyambira silowala kapena kuda, lili pakati, choncho zithunzi zimakonda kutuluka ndi kuwala kwa pakati. Ukapempha mdima, makina amaikapo mwezi waukulu, nyale kapena mtambo wowala.

Tsono wopanga katuni amene akufuna bwato pamalo ake enieni amatani? Amachita zofanana ndi zimene zinachitika pa kafilimu ka ku Japan kaja, kuyamba ndi dzanja. Amajambula mwachangu mzere wa nyanja, mapiri awiri ndi bwato kumanzere, n'kupaka mitundu mwachisawawa. Pulogalamu imathira fumbi pa chojambulacho, koma osafika kumapeto, kenako n'kuyamba kuyeretsa kuchokera pamenepo. Muyeso wa fumbilo umatchedwa `Denoising strength`, ndipo umayambira pa 0 kufika pa 1. Pa 0.3 chojambula cha munthu chimangosalazidwa. Pa 0.9 chimafufutika pafupifupi chonse ndipo makina amapanga zawo. Chapakati, monga pa 0.6, masitepe oyambirira aja, amene amagamula malo a zinthu, amakhala atalumphidwa, chifukwa munthu wagamula kale. Makina amangogwira za pakati ndi zomaliza. Mu Febuluwale 2023 Lvmin Zhang ndi anzake ku Stanford anatulutsa ControlNet, imene imalola kuti mizere ya chojambula cha munthu izitsogolera makina pa sitepe iliyonse, ndipo izi zimathandiza kwambiri kuti nyumba ndi misewu ziime mowongoka.

Njira yomweyi ndiyo imagwira ntchito posintha malo a kumbuyo kwa chithunzi cha munthu weniweni. Wogwiritsa ntchito amapaka malo amene akufuna asinthe, munthuyo n'kumusiya, ndipo fumbi limayeretsedwa m'malo opakidwawo mokha, makina akuyang'ana mbali yosungidwayo kuti zatsopanozo zilumikizane nayo. Pogwirira chinyengo chotere ndi m'mphepete mwa tsitsi, pansi pa mapazi pamene mthunzi umasowa, ndi pa kuwala kwa nkhope kumene sikugwirizana ndi dzuwa la kumbuyo.

Funso limene linakwiyitsa amisiri aja likadalipo: kodi makinawa amaba? Sadula zidutswa za zithunzi za anthu n'kuzimata, ndipo fayilo ya Stable Diffusion 1.5, ya magigabaiti ochepa chabe, singasunge zithunzi zonse zimene inaphunzirapo. Koma zonse zimene imadziwa zinachokera ku zithunzi za anthu. Inaphunzira pa gawo la nkhokwe yotchedwa LAION-5B, ya zithunzi zoposa mabiliyoni asanu zotoledwa pa intaneti, eni ake osafunsidwa. Mu 2023 Nicholas Carlini ndi anzake anaonetsa kuti zithunzi zochepa, makamaka zimene zinabwerezedwa kambiri pa maphunziro, makina amatha kuzitulutsa pafupifupi mmene zinalili. Chaka chomwecho kampani ya Getty Images inasumira Stability AI pa nkhani ya zithunzi zake. Dandaulo la amisiri lili ndi maziko, ndipo kufotokoza masamu a fumbi sikulichotsa.

Nkhokwe imeneyi imaikanso malire pa zimene makina angajambule. Malo amene anajambulidwa kwambiri ndi kulembedwa m'Chingerezi pa intaneti amatuluka bwino, pamene malo osowa m'nkhokwemo amadzazidwa ndi zofanana nawo za kwina. Wopanga katuni wathu akafuna gombe la ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay, asadabwe kulandira boti la matabwa la ku Ulaya m'malo mwa bwato losema pa mtengo umodzi, ndi gombe lopanda thandala loyanikira usipa. Ayambe wajambula yekha bwatolo ndi thandalalo pamalo pake, aike `Denoising strength` chapakati, ndipo chithunzi chikatuluka ayang'ane kaye mithunzi asanaikepo msodzi wake.